Mauthenga awiri otsatsa malonda: mungadziwe bwanji umene ukugulitsadi?

"Ndimagulitsa nsapato za ana pa Facebook, ndipo ogula amandipeza pa WhatsApp. Ndinalemba mauthenga awiri otsatsa. Woyamba ndinaulipirira sabata yatha, wachiwiri sabata ino. Wachiwiriwu anthu ambiri adinapo Like, koma sindikudziwa ngati ndi umene wandibweretsera ogula. Ndiyese bwanji kuti ndidziwe zoona?"

Zikomo polemba. Zimene mwapeza pakadali pano musazidalire, chifukwa masabata awiri safanana. Sabata ina anthu amakhala atangolandira malipiro, ina sukulu zili pafupi kutsegulidwa, ina wamalonda mnzanu watsitsa mitengo. Uthenga wachiwiri ukagulitsa kwambiri, simungadziwe ngati agulitsa ndi mawuwo kapena ndi sabatayo. Mauthenga onse awiri ayenera kuyenda masiku omwewo, ndi ndalama zofanana, kwa anthu a mtundu umodzi.

Musanayambe, sankhani chinthu chimodzi chokha chimene mukufuna kuyesa. Poti funso lanu ndi la mawu, chithunzi chikhale chomwecho, mtengo womwewo, batani lodina lomwelo. Mawuwo asiyane pa mfundo yeniyeni, osati pa liwu limodzi kapena awiri. Uthenga A unene za mtengo: "Nsapato za ana zotsika mtengo, masaizi onse alipo." Uthenga B unene za kulimba: "Nsapato zosokedwa pansi pomwe, sizimatuka mwana akamathamanga." Apa mukufunsa funso lomveka: kholo limatsegula chikwama chifukwa cha mtengo kapena chifukwa chotopa ndi nsapato zongotha msanga? Mukasintha mawu ndi chithunzi nthawi imodzi, wopambana mumuona, koma chimene chamupambanitsa simuchidziwa.

Batani la Boost post lisiyeni kaye. Lowani mu Ads Manager, malo a Facebook okonzera malonda olipirira, pangani malonda anu oyamba, kenako sankhani A/B Test. Ubwino wake ndi woti Facebook imagawa anthu m'magulu awiri mwachisawawa, ndipo munthu amene waona A saonanso B. Ambiri amalakwitsa pomangoika mauthenga awiri mu ad set imodzi, gawo limene mumasankhiramo anthu ofikiridwa, n'kumaganiza kuti akuyesa. Zikatero Facebook imasankha yokha uthenga umene wayamba bwino, n'kuupatsa ndalama zambiri pomwe winawo ukungokhala. Mudzazindikira vutoli poona mzere wa Amount spent: wina wadya pafupifupi ndalama zonse, wina wangolawa. Pamenepo palibe mpikisano umene wachitika.

Tsopano pofunika kwambiri kwa inu amene mumagulitsira pa WhatsApp. Facebook imaona munthu akadina n'kuyamba kucheza nanu, koma siiona ndalama zikulowa m'manja mwanu, pokhapokha mutaiuza. Choncho Cost per result imene ikuonetsani ndi mtengo wa munthu mmodzi wokulemberani, osati wa wogula mmodzi. Kuwerenga ogula ndi ntchito yanu. Pokonza malondawo pali malo olembamo mawu amene amatulukira okha pa foni ya kasitomala akadina batani. Ku A lembani "Moni, ndikufuna nsapato zotsika mtengo zija", ku B lembani "Moni, ndikufuna nsapato zolimba zija". Uthenga ukangofika mudziwa kumene munthuyo wachokera. Muikeni chizindikiro pa WhatsApp Business, kapena mulembeni m'kope: tsiku, A kapena B, wagula kapena ayi, ndi ndalama zimene walipira. Ena amafufuta mawuwo n'kulemba awo. Oterowo afunseni zimene anawerenga, ndipo ngati sakukumbukira musawaike mbali iliyonse.

Magulu onse awiri muziwayankha mofanana. Ngati mumtima mwakonda kale uthenga B, n'kosavuta kuyankha anthu ake mwachangu ndi mokoma, a ku A n'kumadikira mpaka madzulo. Mukatero mwayesa kayankhidwe kanu, osati mauthenga.

Tiyerekeze kuti mwayendetsa masiku 7, omwe ndi masiku ochepetsetsa amene Meta, kampani ya Facebook, imalangiza, kuti masiku onse a sabata alowemo. Uthenga A wabweretsa anthu 120 okulemberani, ndipo 9 agula. Uthenga B wabweretsa 70 okha, koma 14 agula. Ads Manager idzakuuzani kuti A wapambana, poti munthu aliyense wokulemberani wakudyerani ndalama zochepa. Kope lanu likunena zina. Mawu akuti "zotsika mtengo" akoka anthu ongofunsa mtengo n'kusowa, ndipo mwataya nthawi kuyankha anthu 111 osagula.

Komabe musathamangire kunena kuti B ndiye. Ogula 14 ndi 9 ndi ochepa kwambiri, ndipo kusiyana kotere kumabwera ndi mwayi chabe. Mutayendetsa uthenga umodzi womwewo mbali zonse ziwiri, manambala sangatuluke ofanana ndendende. Pali kawerengedwe kosavuta kamene kamagwira ntchito ngati mbali zonse zadya ndalama zofanana, A ndi B akuimira chiwerengero cha ogula a uthenga uliwonse:

```
B - A > 2 × √(A + B)
```

Phatikizani ogula onse: 9 ndi 14 ndi 23. Dinani chizindikiro cha √ pa kakyuleta, mupeza pafupifupi 4.8, ndipo kuwirikiza kawiri ndi 9.6. Kusiyana kwanu ndi 5 basi, sikunafike. B akuoneka ngati akutsogola, koma umboni sunakwane. Tinene kuti munayendetsa masabata anayi, A n'kugulitsa 38, B n'kugulitsa 60. Onse pamodzi ndi 98, √98 ndi pafupifupi 9.9, kuwirikiza kawiri ndi 19.8. Kusiyana ndi 22, kwadutsa. Apa mutha kusamutsira ndalama zanu ku B mtima uli m'malo.

Izi zikutanthauza kuti utali wa mayesowo muziuganizira musanayambe, potengera ogula amene mumapeza pa sabata. Ngati ndi 20 kapena 25, konzekerani masabata atatu kapena anayi. A/B Test imalola mpaka masiku 30. Lembani tsiku lomaliza ndipo mulisunge. Munthu amene amasuzumira m'mawa uliwonse n'kuimitsa tsiku limene uthenga wake wapamtima watsogola amadzinamiza yekha, chifukwa masiku oyambirira manambala amakwera ndi kutsika kwambiri. Musasinthenso mawu, chithunzi kapena anthu ofikiridwa mayeso ali mkati. Kusintha kwakukulu kumabwezera malondawo pa nthawi imene Ads Manager imalemba kuti Learning, pamene makina akufufuzabe anthu oyenera, ndipo zotsatira za masiku apitawo sizingaphatikizidwenso ndi zatsopano.

Tsiku lomaliza likafika, dikirani masiku atatu kapena anayi musanatseke kope, poti makolo ena amafunsa lero, n'kukayeza phazi la mwana, n'kudzalipira mkucha.

Ngati ogula anu ndi ochepa kwambiri moti ngakhale mwezi sungakwanitse nambala, werengani chinthu chimene chili pafupi ndi kugula, monga anthu amene atchula saizi ndi kufunsa kalipiridwe. Amenewa amachuluka kuposa ogula, ndipo amanena zoona kuposa Like. Ngati uthenga umodzi uli ndi kuchotsera mtengo, musawerenge mapeya ogulitsidwa okha, werengani phindu lotsala mutachotsa ndalama zogulira katundu ndi zotsatsira. Ndipo mwezi ukatha manambala n'kukhala ngati 45 ndi 48, ndiye kuti mawu awiriwa akugulitsa mofanana. Tengani umene ukubweretsa ongofunsa ochepa, mawuwo muwasiye momwemo, ulendo wotsatira muyese zithunzi ziwiri.