Chipangizo chanena kuti pozitivi: n'chifukwa chiyani yankho ndi 27% osati 90%?

"Abale, thandizeni. Funso likuti matenda ena ali ndi anthu 2% m'dera. Chipangizo choyezera chimapeza 90% ya anthu odwala, koma chimaonetsanso pozitivi kwa 5% ya anthu osadwala. Munthu wayezedwa ndipo zatuluka pozitivi, kodi mpata woti akudwaladi ndi wotani? Ine ndinalemba 90%, aphunzitsi andithetha, akuti ndi 27%. Zikutheka bwanji pamene chipangizocho n'chabwino chonchi?"

Achemwali, aphunzitsi anu akulondola. Nayo 90% yanuyo ndi nambala yoona, kungoti ikuyankha funso lina lomwe simunafunsidwe.

Pali mafunso awiri ofanana nkhope. Loyamba ndi ili: tikatenga anthu omwe tikudziwa kale kuti akudwala, ndi angati omwe chipangizo chiwaonetse pozitivi? Yankho lake ndi 90%, ndipo achipatala amaitcha sensitiviti. Lachiwiri ndi ili: tikatenga anthu onse omwe chipangizo chawaonetsa pozitivi, ndi angati omwe akudwaladi? Limeneli ndiye mwafunsidwa. Mawu ake ndi omwewo, koma gulu lomwe mwaimamo powerenga lasintha. Mukandiuza kuti nyama ili pakhomopo ndi mbuzi, ndikuuzani mosakayika kuti ili ndi miyendo inayi. Koma mukangondiuza kuti ili ndi miyendo inayi, sindingalumbire kuti ndi mbuzi, chifukwa agalu, amphaka ndi nkhumba aliponso, ndipo yankho langa lidalira kuti pamudzipo zochuluka ndi ziti.

Polemba, kamzere koimirira komwe muone m'munsimu kamawerengedwa kuti "tikudziwa kale kuti", ndipo chomwe chili kumanja kwake ndi gulu lomwe taimamo. Tiyeni P aimire mpata, D aimire kudwala, D' kusadwala, ndipo + aimire pozitivi.

```
P(D) = 0.02      P(D') = 0.98
P(+ | D) = 0.90
P(+ | D') = 0.05
P(D | +) = ?
```

Musanathamangire fomula, siyani kaye mapelesenti muwerenge anthu. Ine njira imeneyi ndiye ndimaikhulupirira kwambiri, ngakhale m'chipinda cholembera mayeso, chifukwa mutu wa munthu susochera msanga ukamawerenga anthu kusiyana ndi ukamachulukitsa madesimo.

Tiyerekeze kuti tayeza anthu 10,000. Nambalayi mukhoza kusankha ina iliyonse, yankho silisintha. Ndasankha iyi kuti tisakhale ndi zidutswa za anthu. Odwala ndi 2% ya 10,000, omwe ndi anthu 200. Otsala 9,800 alibe matendawa. Mwa odwala 200 aja, chipangizo chipeza 90%, ndiye kuti 180 atuluka pozitivi, ndipo 20 chiwaphonya n'kuwauza kuti ali bwino. Mwa osadwala 9,800, chipangizo chinamizira 5%, ndiye kuti anthu 490 atuluka pozitivi alibe kanthu, pamene 9,310 atuluka negetivi monga ziyenera kukhalira.

Tsono itanani onse omwe agwira kapepala kolembedwa pozitivi akhale pabenchi limodzi. Alipo 180 kuphatikiza 490, onse pamodzi 670. Munthu wa m'funso lanu ndi mmodzi mwa amenewa, ndipo sitikudziwa china chilichonse chokhudza iye. Odwaladi pabenchipo ndi 180. Mukagawa 180 ndi 670 mupeza 0.2687, yomwe ndi 27% ya aphunzitsi ija.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna mupaonetsetse. Chipangizocho sichoipa ayi. Chimalakwitsa pa munthu mmodzi yekha mwa anthu 20 osadwala. Vuto ndi lakuti osadwalawo ndi khamu, 9,800, pamene odwala ndi kagulu ka 200. Gawo laling'ono la khamu lalikulu limaposa gawo lalikulu la kagulu kakang'ono: 490 aposa 180 pafupifupi katatu. Nambala yomwe inu munaitaya osaigwiritsa ntchito, 2% ija, ndi yomwe ikulamulira yankho. Funso la masamu likakupatsani manambala atatu inu n'kuyankha ndi imodzi yokha osawerengera kanthu, muzidzikayikira.

Fomula ya Bayes ndi kuwerenga komweku, kungochotsapo 10,000 ija. Dzinali ndi la Thomas Bayes, m'busa wa ku England yemwe anamwalira mu 1761, ndipo zolemba zakezo anazitulutsa ndi mnzake Richard Price mu 1763.

```
P(+) = 0.90×0.02 + 0.05×0.98 = 0.018 + 0.049 = 0.067
P(D | +) = 0.018 / 0.067 = 0.2687
```

Yang'anitsitsani: 0.018 ndi anthu 180 aja, 0.049 ndi 490 aja, 0.067 ndi benchi lonse la anthu 670. Ngati aphunzitsi anu amafuna chithunzi cha mtengo, nthambi zoyamba zikhale kudwala ndi kusadwala, zachiwiri zikhale pozitivi ndi negetivi. Chulukitsani motsata nthambi, kenako phatikizani nthambi ziwiri zomwe zathera pa pozitivi. Zimenezo ndiye nambala ya pansi.

Kupatula 90% yanuyo, pali mayankho ena awiri olakwa omwe amatuluka kawirikawiri, ndipo onse awiri mungawagwire nokha musanapereke pepala. Ena amafika pa 0.018 n'kuima, n'kulemba 1.8%. Imeneyo ndi nambala ya anthu omwe akudwala komanso atuluka pozitivi mwa anthu onse 10,000. Sanagawe ndi benchi lija. Ena amakodwa ndi mmene funso lalembedwera. Mabuku ambiri sapereka 5% mwachindunji, amati spesifisiti ndi 95%, kutanthauza kuti mwa osadwala, 95% amatuluka negetivi. Wophunzira wofulumira amatenga 0.95 n'kuiika pamalo pa 0.05, nambala ya pansi n'kukhala 0.018 kuphatikiza 0.931, ndipo yankho limatuluka 1.9%. Mayankho onse awiriwa ali pansi pa 2%. Ganizani: munthuyu asanayezedwe n'komwe, mpata woti akudwala unali 2%. Zingatheke bwanji kuti chipangizo chomwe chimakuwa kwambiri pa odwala kusiyana ndi osadwala chimutchule pozitivi, mpatawo n'kutsika? Yankho lanu likatsika pansi pa nambala yoyambira, bwererani, penapake mwasinthanitsa. Muyang'anenso P(+): iyenera kukhala pakati pa 5% ndi 90%, ndipo popeza osadwala ndiwo ambiri, iyenera kutsamira kufupi ndi 5%. Yathu ya 6.7% ikukwanira bwino.

Musadzione ngati mbuli. Mu 1978 ofufuza ena anafunsa funso longa lomweli kwa anthu 60, madokotala ndi ophunzira udokotala m'zipatala zophunzitsira za Harvard ku America. Matenda ake anali a munthu mmodzi mwa 1,000, ndipo chipangizo chinkanamizira 5%. Yankho lomwe linatchulidwa kwambiri linali 95%, pamene loona lili pafupi ndi 2%, ndipo omwe analipeza anali 11 okha.

Koma pali chinthu chomwe sindifuna muchoke nacho molakwika, chifukwa ndamvapo anthu akuchoka m'kalasi la masamu n'kumauza anzawo kuti zotsatira za kuchipatala n'zabodza. Nambala ya 27% si chikhalidwe cha chipangizo. Ndi chipangizo pamodzi ndi gulu lomwe layezedwa. Tengani chipangizo chomwecho mupite nacho kwa anthu omwe abwera okha ali ndi zizindikiro, komwe tinene kuti 30% akudwaladi. Mwa 10,000, odwala ndi 3,000 ndipo 2,700 atuluka pozitivi. Osadwala ndi 7,000 ndipo onamiziridwa ndi 350. Benchi lili ndi anthu 3,050, odwaladi 2,700, yomwe ndi pafupifupi 89%. Chipangizo sichinasinthe ngakhale pang'ono, koma yankho lachoka pa 27% kufika pa 89%. N'chifukwa chake kuyeza mudzi wonse wa anthu ooneka athanzi n'kosiyana kwambiri ndi kuyeza munthu yemwe dokotala akumukayikira kale. Ndipo ngakhale pa 27% pomwepo, chipangizocho chagwira ntchito: chakweza mpata kuchoka pa 2%, kuwirikiza koposa ka 13. Kwa omwe atuluka negetivi nkhani ndi yabwino kwambiri, chifukwa mwa anthu 9,330 otere, 9,310 alibedi matenda, yomwe ndi 99.8%.

Gawo lachiwiri la mafunso ngati awa nthawi zambiri limati munthuyo wayezedwanso ndipo zatulukanso pozitivi. Simufunika njira yatsopano. Yambirani pabenchi la anthu 670 lija m'malo mwa 10,000. Mwa odwala 180, chipangizo chachiwiri chipezanso 90%, omwe ndi 162. Mwa onamiziridwa 490, chinamiziranso 5%, yomwe ndi 24.5 (theka la munthulo lisakuvuteni, ndi avereji chabe). Gawani 162 ndi 186.5, mupeza pafupifupi 87%. Yankho la ulendo woyamba lasanduka nambala yoyambira ya ulendo wachiwiri.

Masamu amenewa ndi omwe ali kuseri kwa mmene amayezera HIV. Kuno ku Malawi, kwa zaka zambiri munthu ankayezedwa kaye ndi Determine, ndipo zikaonetsa kuti mwina ali nako, ankatsimikiza ndi chipangizo china, Uni-Gold. Mu 2019 bungwe la WHO linalangiza maiko kuti munthu aziuzidwa kuti ali ndi kachilombo pokhapokha zipangizo zitatu zosiyana zitagwirizana motsatizana. Chifukwa chake sichinali chakuti zipangizo zayamba kuipa. Anthu ambiri omwe ali ndi kachilombo anali atadziwa kale, choncho mwa obwera kudzayezetsa, opezeka nako anatsika pansi pa 5% m'maiko ambiri, ndipo nambala yoyambira ikatsika, gawo la onamiziridwa pabenchi limakula. Zipangizo za HIV zimenezi zimalondola kwambiri kuposa cha m'funso lanu, choncho musatenge 27% n'kupita nayo kuchipatala.

Mawu oti "zosiyana" ndi ofunika pa masamu anu omwe. Pamene ndinachulukitsa 490 ndi 5% kachiwiri, ndinatenga ngati kuti kulakwitsa kwachiwiri sikukhudzana ndi koyamba. Pa pepala la mayeso zimenezo zimaloledwa, ndipo ndi bwino kulemba chiganizo chimodzi chonena kuti mwaganiza choncho. M'thupi la munthu sizikhala choncho nthawi zonse. Ngati m'magazi ake muli chinthu china chomwe chinapusitsa chipangizo koyamba, chinthucho chikhalamobe mukamayezanso, ndipo chipangizo cha mtundu womwewo chikhoza kupusitsidwanso. Zikatero, mwa anthu 490 aja obwereza pozitivi akhala ochuluka kuposa 24 kapena 25, ndipo 87% ija ikhala yokokomeza.

Kuti muone ngati zalowa, yesani funso lanu lomweli koma matenda akhale a munthu mmodzi mwa 200, ndiye kuti 0.5%. Yambani ndi anthu 20,000 kuti manambala atuluke athunthu. Odwala akhala 100, ndipo ngati benchi lanu lili ndi anthu 1,085 muli panjira, yankho liyenera kukhala pafupi ndi 8.3%. Mukapeza zina, jambulani pepala lanu mulitumize pansipa tione pomwe pakhota.