Kanyimbo ka masekondi 15 nako kali ndi mwini wake

"Ba loya thandizeni. Amalume ali ndi shopu ya nsapato ku Kamwala, anandituma kuti ndiwapangire kasaundi ka masekondi 15 ka pa TikTok, anandipatsa K500 pa foni. Mawu ndi tchuni ndi zanga, biti anapanga ndi pulodyusa wa ku Kabwata. Manje kaphulika, aliyense akuvina. Pulodyusa wakaika m'dzina lake, amalume akuti ndi kawo, ine vidiyo yanga aitseka mawu. Kodi kanthu kafupi chonchi kali ndi lamulo?"

Lamulo lilipo kuno ku Zambia, ndi Copyright and Performance Rights Act ya 1994, Chaputala 406, ndipo silinena za masekondi. Zija anthu amauzana kuti pansi pa masekondi 15 kapena 30 ndi zaulere, muziiwale. Khothi limafunsa ngati chomwe chatengedwa ndi gawo lofunika la nyimboyo, ndiye huku, kachigawo kokoma ka nyimbo komwe kamagwira munthu pa sekondi yoyamba asanapitirize kusuntha chala, ndiyo mtima wa nyimbo imeneyo. Umwini umayamba pomwe mwajambula, sudikira kulembetsa.

Koma vuto lanu, achimwene, lili pa mawu oti "anandituma" ndi K500 ija. Lamulo lathu limati ntchito ikapangidwa chifukwa wina wakutuma kuti umupangire, mwini woyamba ndi wotumayo, pokhapokha ngati munagwirizana mwina. Apa ndi pomwe ndaona milandu ya anyamata aluso ikugwa. Munthu amabwera ndi mtima wonse kuti ndinaimba ndine, mawu ndi anga, Lusaka yonse ikudziwa, ndiye loya wa mbali inayo sakangana naye n'komwe za kuimba, amangotulutsa meseji ya ndalama ija ndi kufunsa kuti iyi inali ya chiyani. Mukayankha kuti anandilipira kuti ndipange, mwawapatsa mlandu ndi pakamwa panu.

Ndiye musanalankhule ndi aliyense, tsegulani WhatsApp muwerenge zomwe munalemberana. Ngati amalume analemba kuti "undipangire kanyimbo ka shopu", mbali yawo ili ndi mphamvu. Koma ngati huku munali nayo kale, mwachitsanzo muli ndi voisi noti yomwe munadzijambulira mu Febuluwale mukuing'ung'udza, iwo n'kubwera mu Epulo kupempha kuti muikemo dzina la shopu, nkhani yasintha. Pamenepo mutha kunena kuti K500 inali ya chilolezo chogwiritsa ntchito potsatsa malonda basi, ndipo kusamutsa umwini wonse kumafuna pepala losainidwa ndi inu, lomwe alibe. Sindikulonjezani kuti woweruza adzaona choncho, zimatengera mameseji ndi mboni, koma pali poyambira.

Zimanditopetsa kuti achibale amakana kulemba, ati "ndife a pa banja, pepala la chiyani", koma ndalama ikangonunkhira ndi omwewo oyamba kukumbukira tsiku lomwe anatumiza K500.

Za pulodyusa. Mu kasaundi kameneka muli zinthu zitatu zosiyana, mawu, nyimbo yake ndi chojambulidwacho, ndipo chilichonse chikhoza kukhala ndi mwini wake. Biti mwina ndi yake, mwina ayi, zitengera amene anamutuma ndi kumulipira. Koma kuthamanga kukaika nyimbo kwa ofalitsa a pa intaneti sikumupatsa mawu anu. Makina omwe amatseka mawu pa TikTok amangozindikira amene anaika poyamba, saweruza mlandu. Chimodzimodzinso dzina lanu kuoneka pa "original sound" si umboni wa umwini. Mumufunsenso ngati bitiyo anapangadi yekha, chifukwa ngati anaitenga pa YouTube yolembedwa kuti yaulere kapena anadulamo kachidutswa ka nyimbo ya wina, nonse atatu mukulimbirana chinthu chomwe mwini wake wachinayi akhoza kuchotsetsa mawa.

Lero lomwe, musafufute kanthu ndipo foni imeneyo musagulitse. Tumizani macheza onse ku imelo yanu, jambulani sikirinishoti ya vidiyo yoyamba pomwe deti ikuoneka, pemphani mafayilo a mu situdiyo pomwe mukadalankhulana bwino. Musadine batani lotsutsa pa TikTok n'kulemba kuti zonse ndi zanu pomwe biti si yanu, mawu amenewo adzakutsatani. Musamutukwanenso pulodyusa pa Facebook kuti ndi wakuba, mudzadzitsegulira mlandu woipitsa mbiri.

Mulembereni kalata yokhala ndi deti, yonena zomwe mukufuna ndi masiku oti ayankhe, 14 akwana. Pitani ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, mukafunse za kulembetsa mawu ndi tchuni, ndipo muwauze poyera kuti pali mkangano. Milandu yotere imapita ku High Court, ndipo ndalama zake zikhoza kuposa zomwe kasaundi kabweretse, maka poti masaundi otere sachedwa kuzizira. Ine ndikanayamba ndi kukhazika atatu nonse pa tebulo limodzi, tsamba limodzi lolemba maperesenti a aliyense, malire a zomwe shopu ingachite nako, ndi dzina lanu liikidwe kwa ofalitsa aja, aliyense asaine pali mboni yomwe si ya pa banja.