Mababu a ku khitchini ndi kuchipinda: musagule mtundu umodzi

"Ndalowa nyumba ya lendi ku Mbare. Ndagula mababu a LED olembedwa 6500K nyumba yonse, koma kuchipinda kukuwala ngati kuchipatala. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, mababuwo si oipa, mwangowaika malo olakwika. Nambala yokhala ndi K ija sinena za mphamvu ya kuwala ayi, imanena za mtundu wake. Ikakhala yotsika, monga 2700K kapena 3000K, kuwala kumakhala kofiirira ngati kwa mababu akale aja otentha. Ikakwera kufika 6500K kumayera mbee, mpaka kumaoneka kwa buluu pang'ono. Kuchuluka kwa kuwala kumalembedwa padera, pa nambala yotsatana ndi lm: babu ya 800 lm imawala mofanana ndi yakale ya 60W, kaya ndi yofiirira kapena yoyera.

Ndiye kuchipinda ndi pabalaza ikani 2700K. Kuwala koyera kwambiri usiku kumachedwetsa tulo, komanso kumaonetsa nkhope ngati munthu wadwala malungo. Ku khitchini ndi kubafa ine ndimakonda 4000K, chifukwa pamenepo mumafuna kuona bwino ngati nyama yapsa kapena m'masamba mwatsala mchenga.

Amene mwagula kalewo musataye, tumadola timavuta muno mu Harare. Apititseni pakhonde ndi panja, kumene kuyera mbee kumathandiza.

Chimodzi chomwe ndinalakwitsapo ine: ndinasakaniza 2700K ndi 6500K pabalaza pamodzi. Khoma loyera linaoneka mbali ina lachikasu, mbali ina lotuwa, mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati penti yayamba kusuluka.