Tecno musayigulitse timu isanaonekere pa iPhone

"Abale, sabata yamawa ndikugula iPhone, Tecno yangayi ndikufuna ndiigulitse. Timu yanga ya eFootball ndaivutikira kwambiri, ipita nane kapena ndiyambiranso? Kunyumbanso tikusintha PS4 ndi PS5, magemu amene tinafika nawo patali zikhala bwanji?"

Achimwene, timuyo mupita nayo, koma pali ntchito imodzi yoti muichite Tecno ili m'manja mwanu, isanapite kwa wogula. Timu yanu sili mu foni. Osewera anu, makoini ndi zonse zimene mwapeza zili pa seva ya Konami, ndipo foni imangokhala ndi chizindikiro choti mwiniwake ndinu. Zili ngati ndalama za pafoni: foni ikagwera m'madzi ndalama sizinyowa, koma mukapanda kukhala ndi nambala ndi pini yake simungazitape. Ndiye funso lenileni ndi lakuti: timuyo yamangiriridwa ku akaunti iti?

Ambiri amene amasewera pa Android amadalira Google Play Games. Imeneyi imathandiza mukamachoka pa Tecno kupita pa Samsung kapena Android ina iliyonse, chifukwa mukangolowa ndi Gmail yomweyo gemu imakuzindikirani. Koma pa iPhone kulibe Google Play Games. Kumeneko kuli Game Center ya Apple, ndipo ziwirizi sizilankhulana. Chimene chimawoloka mbali zonse ndi akaunti ya kampani yopanga gemuyo, pano ndi KONAMI ID. Anzathu a Clash of Clans yawo ndi Supercell ID, a Call of Duty Mobile ndi akaunti ya Activision.

Lero lomwe tsegulani gemu pa Tecno, mupite pamene pali zokhudza akaunti yanu, mupange KONAMI ID ndi imelo imene mumaitsegula nokha, muilumikize ku timuyo. Apa pamagwa anthu ambiri kwathu kuno. Foni inagulidwa m'tauni, mnyamata wapasitolo n'kutsegula Gmail mwachangu kuti ayike WhatsApp, pasiwedi osakuuzani kapena munaiiwala tsiku lomwelo. Foni imagwira ntchito zaka osaifunsanso, ndiye vuto limadzaoneka tsiku losamuka. Yesani kulowa mu imeloyo pa foni ya munthu wina. Ikakana, konzani pasiwedi tsopano, ndipo onani ngati nambala yolandirira manambala achinsinsi ndi simu imene muli nayo, osati ija inatayika kale. Mujambulenso sikirini imene ikuonetsa User ID yanu. Sungani malisiti a zimene munagula, amene Google imatumiza pa imelo, nambala yake imayamba ndi GPA. Zikadzavuta, a kampani amafuna zinthu ngati zimenezi kuti akhulupirire kuti akaunti ndi yanu.

Makoini amene munagula ndi ndalama muwagwiritse ntchito musanasamuke. Osewera amawoloka kuchoka pa Android kupita pa iPhone, koma eFootball Coins zimatsalira kumbali imene munagulira.

Tsopano tsiku la iPhone, ndipo apa ndikupempheni muwerenge mofatsa chifukwa ndi pamene matimu amafera. Mukayika gemu, musathamangire kuyamba kusewera. Pa sikirini yoyamba yeniyeni fufuzani Data Transfer, musankhe KONAMI ID, mulowe. Munthu amene wadumpha pamenepa n'kuyamba maphunziro oyambirira aja, gemu imamutsegulira timu yatsopano yopanda kanthu. Akazindikira, mwamantha amathamangira kulumikiza KONAMI ID yake ku timu yatsopanoyo, ndipo akavomera uthenga wochenjeza osauwerenga, akauntiyo imasiya timu yakale n'kugwira yopanda kanthuyo. Magemu ambiri amatero: akapeza zosungidwa ziwiri amafunsa kuti musunga ziti. Musayang'ane tsiku lokha, chifukwa yopanda kanthuyo ndiyo imaoneka yatsopano kwambiri, mwaipanga mphindi zapitazo. Yang'anani dzina la timu ndi levulo. Ngati zimene zikuoneka si zanu, bwererani m'mbuyo osavomera chilichonse.

Wina mu gulu muno akuuzani kuti mungotumiza ndi Xender. Imeneyo imatumiza gemu yokha, zosungidwa zanu sizipita nayo, ndipo gemu ya Android siigwira pa iPhone n'komwe. Kusamutsa akaunti sikudya bandulo. Chimene chimadya ndi kutsitsa gemuyo, yomwe imapitirira magigabaiti 2, choncho pezani Wi-Fi.

Mukaona osewera anu onse pa iPhone, sewerani mpira umodzi, tsekani gemu, tsegulaninso. Zikakhala bwino, chotsani akaunti ya Google pa Tecno kaye kenako muipukute yonse. Mukaipukuta akaunti ikadali momwemo, nthawi zina imadzafunsa Gmail yanu kwa wogula, ndipo adzakusakani.

Za PS4 zimayenda mosiyana. Magemu ankhani aja osewera wekha amasunga pamene mwafika mu makina momwemo, m'kafayilo kakang'ono. Kilaudi ya PlayStation ndi malo chabe osungirako kope ya kafayiloko pa intaneti, ndipo imafuna PlayStation Plus yolipira, yomwe imapereka magigabaiti 100 a zosungidwa za PS4. Pa Xbox zimenezi n'zaulere. Koma inu simukufunika kulipira, fulashi wamba ikwanira, bola ikhale ya FAT32 kapena exFAT. Pa PS4 pitani apa:

```
Settings > Application Saved Data Management > Saved Data in System Storage > Copy to USB Storage Device
```

Sankhani magemu, mukope. Kenako bayani fulashiyo pa PS5:

```
Settings > Saved Data and Game/App Settings > Saved Data (PS4) > USB Drive
```

Zinthu ziwiri zimalepheretsa njira imeneyi. Choyamba, kafayiloko n'komangiriridwa ku akaunti ya PlayStation, yotchedwa PSN, imene inasewera. Popeza Malawi sili pa mndandanda wa mayiko a PSN, ambiri tinatsegula maakaunti ngati a ku South Africa, Britain kapena America, ena anawatsegulira ndi amene anawagulitsa makina. Pa PS5 muyenera kulowa ndi akaunti yomweyo. Mukatsegula yatsopano, fayilo ikhalapo koma siigwira. Ngati pakhomo mumasewera atatu, aliyense ndi dzina lake, aliyense akope zake.

Chachiwiri sichidziwika kwambiri, koma chimapweteka ife ogula madisiki akaunjika. Gemu imodzimodzi imakhala ndi nambala yosiyana malinga ndi chigawo chimene inagulitsidwira. Yang'anani m'mbali mwa bokosi, muona CUSA ndi manambala asanu. Ngati munasewera ndi disiki ya ku Ulaya, n'kugula ina ya ku America, kawirikawiri gemu siziona zosungidwa zanu ngakhale zili mu makina, imangokupatsani New Game. Chizindikiro chake n'chimenecho: mu Settings fayilo ikuoneka, koma mu gemu mulibe Continue. Ndiye madisiki amene munasewerera musawaphatikize pogulitsa PS4.

Gemu ikakhala ndi mtundu wa PS4 ndi wa PS5, zosungidwa za PS4 zimagwira mosavuta pa mtundu wa PS4 womwewo, umene PS5 imatha kuusewera. Kuzikweza ku mtundu wa PS5 zimadalira wopanga gemu. Ena amafuna kuti mutsegule kaye mtundu wa PS4 n'kuzitumiza kuchokera pa menyu yake, ndiye musaufufute msanga. Dziwaninso kuti zosungidwa za magemu a PS5 enieni sizikopeka pa fulashi imodziimodzi ngati za PS4, kumeneko kilaudi yolipira ija ndiyo njira yapafupi.

PS4 isanatuluke pakhomo, ichotseni pa akaunti yanu: Settings, Account Management, Activate as Your Primary PS4, musankhe Deactivate, kenako muipukute yonse pa Settings, Initialization, Initialize PS4. Koma zimenezi muchite mutatsegula kale gemu iliyonse pa PS5 n'kuona kuti ikupitirira pamene munasiyira.