422, 476 kapena 517, samalani ndi manotsi

"Anzanga thandizeni, liwiro la mamolekyulu a naitrojeni pa 300 K ine ndikupeza 422 m/s koma mnzanga akupeza 476, walakwitsa ndani? Mayeso ali Lachisanu."

Palibe walakwitsa apa achimwene, mwangoyankha mafunso osiyana. Koma funso lanuli landiwawa mtima chifukwa nkhani yomweyi inandidyera malikisi ku koleji ndipo mpaka pano sindinaiwale. Alekichara athu mu manotsi awo analemba kuti liwiro la avereji ndi √(3RT/M), tonse tinaloweza choncho, pa mayeso nkubwera naitrojeni yemweyu pa 300 K, ine phee kulemba 517 m/s mpaka kudula mzere kunsi kwake. Pepala pobwera, ziro ya bolopeni yofiira, pambali alemba 476. Ndinapita ku ofesi kwawo manotsi awo omwewo ali m'manja kuwaonetsa tsamba lenilenilo, iwo osaliyang'ana nkomwe, amvekere mukanawerenga buku. Buku liti poti mu laibulale linalipo limodzi lomwe anali atabwereka okha? Kalasi yonse tinalira.

Mafomula a liwiro alipo atatu: v_p ndi liwiro lomwe mamolekyulu athithikanapo kwambiri, v_avg ndi avereji, v_rms ndi √ ya avereji ya masikweya a liwiro.

```
v_p   = √(2RT/M)
v_avg = √(8RT/πM)
v_rms = √(3RT/M)
```

Yambani ndi RT/M. R ndi 8.314, T ndi 300, M ndi 0.028 kg/mol, zikupatsani pafupifupi 89,080. Mukachulukitsa ndi 2 nkutenga √ mupeza 422, yanuyo. Ndi 8/π, yomwe ndi 2.546, mupeza 476 ya mnzanuyo. Ndi 3 ndiye 517 yanga yatsoka ija.

Tayang'anani gilafu ya Maxwell, yoonetsa kuchuluka kwa mamolekyulu pa liwiro lililonse. Imayambira pa ziro, kukwera mpaka pansonga, kenako kutsika pang'onopang'ono ndi mchira wautali kumanja. Pansongapo ndi 422, mamolekyulu athithikana kwambiri pozungulira liwiro limeneli kuposa pena paliponse. Koma kumanzere gilafu imathera pa ziro, liwiro silingatsike kuposa apo, pomwe kumanja kulibe malire, alipo mamolekyulu ochepa othamanga 1,000 m/s ndi kupitirira, ndiye mukaphatikiza onse nkugawa amenewa amakoka avereji kufika 476. Zili ngati mabwana awiri atatu pakampani, avereji ya malipiro imakwera pomwe ambiri akulandira zochepa. Ndiye avereji nthawi zonse imakhala ya pansonga kuchulukitsa ndi 1.128, gasi aliyense, kutentha kulikonse. Yesani 422 × 1.128 muone.

Chinanso, mukaika M ngati 28 mmalo mwa 0.028 kakyuleta ikupatsani 13 m/s. Phokoso mumpweya limayenda cha m'ma 350 m/s, yankho lanu likhale dera lomwelo, 13 ndi liwiro la njinga yamoto.

Musamakhulupirire manotsi, dzifufuzireni nokha fomula iliyonse. Komabe Lachisanu lisanafike kawafunseni alekichara anu kuti akati avereji amafuna iti, ndipo lembani yomwe anenayo olo ikhale 517, wochonga ndi iwowo.