Foni ikusintha dzina langa

"Ndikalemba dzina langa, Chimwemwe, foni imalisintha. Ndikalitchula siyimva n'komwe. Nditani?"

Achimwene, lilowetseni dzinalo m'dikishonale ya foniyo. Pa Gboard, kiyibodi ya mafoni ambiri a Android, tsegulani Settings, Dictionary, kenako Personal dictionary. Ngati ndi iPhone, pitani ku Settings, General, Keyboard, Text Replacement. Mu Word dinani dzinalo ndi batani lakumanja, musankhe Add to Dictionary.

Pulogalamu imayerekeza zomwe mwalemba ndi mawu omwe inaphunzitsidwa, ambiri achingerezi, ndiye lachilendo imaliyesa lolakwika. Zotchula ndiye zovutirapo, chifukwa maphatikizo a mawu achingerezi kawirikawiri sayamba ndi "mw" kapena "ng'". Ine chinandithandizako n'kusunga mayinawo mu Contacts, ngakhale nthawi zina imaphonyabe.

Koma dzina likalakwika pa chiphaso kapena kubanki, musachedwe, kaonaneni ndi ogwira ntchito kumeneko alikonze.