Wa usipa ali ku msika uti? Tiyeni tiyankhe limodzi

"Zikomo akulu. Ndatumiza chithunzi cha funso lozunguza mutu la m'magazini. Chikondi, Dalitso, Mphatso ndi Tadala amagulitsa tomato, usipa, mbatata ndi makala ku Limbe, Lizulu, Jenda ndi Songani, aliyense katundu mmodzi pa msika umodzi. Mfundo zake: 1. Wa usipa ndi Dalitso, apo ayi ndi wa ku Limbe. 2. Tadala ali ku Lizulu. 3. Chikondi, wa makala ndi wa ku Jenda adakwera minibasi imodzi. 4. Mbatata ili ku Songani. 5. Wa tomato sali ku Jenda. 6. Mphatso sali ku Limbe. Ndachonga malo awiri okha, kenako ndauma mutu. Ndingomupatsa Tadala tomato?"

Ayi achimwene, tomatoyo musungeni kaye. Ndikudziwa chomwe chakukopani: aliyense amene adadutsapo pa Lizulu pa msewu wa M1 amakumbukira milu ya tomato m'mbali mwa msewu. Koma wolemba funsoli alibe nazo ntchito zimenezo. Chimene sichili mu mfundo zisanu ndi imodzizo sichiloledwa kulowa mu tebulo.

Tebulo lanu lili ndi zigawo zitatu: maina ndi katundu, maina ndi misika, katundu ndi misika. Chigawo chilichonse chili ndi timabokosi 16, tonse pamodzi 48, ndipo pomaliza tochongedwa tikhala 12 tokha. Tina tonseto n'tothetha. Ndiye ntchito yaikulu ndi kuthetha, osati kuchonga. Pa chithunzi chanu ndikuona mwachonga Tadala ndi Lizulu, komanso mbatata ndi Songani, koma simunathethe timabokosi totsala pa mizere yake. Mukachonga kamodzi, thethani titatu totsala chopingasa ndi titatu totsala chotsika, nthawi yomweyo.

Mfundo 3 ndi yomwe anthu ambiri amangoidumpha poiyesa nkhambakamwa. Anthu atatu akakwera minibasi imodzi, ndiye kuti ndi anthu atatu osiyana. Choncho Chikondi sagulitsa makala, Chikondi sali ku Jenda, ndipo makala sali ku Jenda. Mwathetha katatu ndi chiganizo chimodzi.

Tsopano siyani maina, yang'anani mzere wa Jenda m'chigawo chachitatu chija, cha katundu ndi misika. Makala palibe, mfundo 3 yawachotsa. Mbatata palibe, poti ili ku Songani. Tomato palibe, mfundo 5 yatero. Chatsala n'chiyani? Usipa. Chongani usipa ndi Jenda. Apa ndi pamene panakutsekani, chifukwa munkafunafuna dzina la munthu pomwe khomo linali kumbali yopanda maina.

Bwererani ku mfundo 1. Yatipatsa anthu awiri kuti tisankhepo mmodzi. Usipa taupeza ku Jenda, ndiye wa ku Limbe wagwa, watsala Dalitso. Dalitso ndi wa usipa, ndipo poti usipa uli ku Jenda, Dalitso nayenso ali ku Jenda. Musaiwale kuchonga kawiri: pa katundu komanso pa msika. Kusamutsa zomwe mwapeza kuchoka m'chigawo china kupita m'chinzake ndiye mtima wa masewerawa.

Zotsalazi zikungotsetsereka. Mphatso sali ku Lizulu kwa Tadala, sali ku Jenda kwa Dalitso, sali ku Limbe malinga ndi mfundo 6. Ali ku Songani, ndiye mbatata ndi yake. Msika wotsala ndi Limbe, wa Chikondi. Katundu wotsala ndi tomato ndi makala, koma Chikondi tidamuthethera kale makala, choncho atenga tomato. Tadala uja mumafuna kumupatsa tomato akugulitsa makala ku Lizulu.

Musanatseke cholembera, werenganinso mfundo zonse mukuyang'ana yankho. Pa mfundo 3, mwachitsanzo, m'minibasi muja muli Chikondi, Tadala wa makala ndi Dalitso wa ku Jenda: atatu ndithu.

Mukadalota tomato kwa Tadala, bodza likadaonekera mochedwa. Dalitso ndi Mphatso akadakhala bwinobwino, kenako Chikondi n'kutsala ndi makala, omwe mfundo 3 ikukana. Mzere ukathetheka wonse wopanda pochonga, dziwani kuti penapake munalota, n'chifukwa chake pensulo imaposa bolopeni pa masewera awa.

Kanthu kena ka pa chithunzi chanu: mfundo 6 yagwera pamene magazini imapindikira, moti ndinachita kukulitsa chithunzi kuti ndiiwerenge. Ikadaduka, funsoli likadakhala ndi mayankho atatu, chifukwa Chikondi akadathanso kupita ku Songani ndi mbatata, Mphatso ku Limbe, tomato ndi makala n'kumasinthana pakati pa Mphatso ndi Tadala. Ulendo wina tambasulani tsambalo bwino musanajambule.